Chigawo cha disiki chikasowa: mafunso ndi mayankho a momwe mungachibwezere

Mafunso ali m'munsiwa ndi a anthu amene disiki yawo inali ndi mafayilo dzulo, koma lero kompyuta ikuiona ngati yatsopano. Ena anafufuta chigawo cholakwika poika Windows, ena analemba `clean` mu `diskpart`, pulogalamu ya Windows yogawira madisiki, atasankha disiki ina m'malo mwa fulashi, ndipo ena magetsi anangowathimira pulogalamu yosintha kukula kwa zigawo ili mkati mwa ntchito.

Disiki yanga ikuonetsa Unallocated. Kodi mafayilo anga apitiratu?

Nthawi zambiri amakhala asanapite. Chimene chasowa ndi tebulo la zigawo, kachinthu kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi disiki yonse.

Disiki imagawidwa m'timagawo totchedwa masekita, ndipo pa madisiki ambiri sekita imodzi ndi mabaiti 512. Pa disiki yamtundu wa MBR, umene ndi mtundu wakale wa tebulo la zigawo, tebulo lonse limakhala m'sekita yoyamba yeniyeni, ya nambala 0, ndipo limatenga mabaiti 64 okha: mizere inayi ya mabaiti 16. Mzere uliwonse umanena zinthu zochepa, zazikulu zake ziwiri. Umanena sekita imene chigawo chikuyambira, ndi kuchuluka kwa masekita amene chikutenga. Mulibe maina a mafayilo m'menemo, mulibe zithunzi, mulibe nyimbo.

Zili ngati kaundula wa malo amene amfumu amasunga. Kaundulayo akapsa, chimanga cha m'minda sichipsa nacho limodzi. Chimene chavuta n'chakuti palibe chikalata chonena kuti munda wa uje ukuyambira pati n'kulekezera pati, koma miyala ya m'malire ikadali pomwepo kwa munthu wofuna kuifufuza. Pa disiki, miyala imeneyo ndi masekita apadera amene chigawo chilichonse chimakhala nawo kumayambiriro kwake. Chigawo cha NTFS, dongosolo la mafayilo la Windows, chimayamba ndi sekita imene muli mawu oti `NTFS`, kukula kwa chigawocho, ndi malo amene mndandanda wa mafayilo uli. Mukaipeza sekita imeneyo, mwapeza manambala awiri aja, ndipo mukhoza kulembanso tebulo.

Zinthu zimasintha pokhapokha ngati china chake chalembedwa pamwamba pa malo amene panali mafayilo. Sekita imene yalembedwa kawiri imangosunga zomalizazo, ndipo palibe pulogalamu ingabweze zoyambazo.

Ndiye ndichite chiyani panopa?

Lekani kulemba chilichonse pa disikiyo. Windows idzayesa kukuthandizani m'njira ziwiri, ndipo zonse muzikane. Ikatsegula bokosi la `Initialize Disk`, dinani `Cancel`. Ikanena kuti `You need to format the disk in drive E: before you can use it`, dinaninso `Cancel`.

Musapange chigawo chatsopano pa malo opanda kanthuwo poganiza kuti mafayilo atulukira. `New Simple Volume` imafomata chigawocho mukangodinadina `Next` osawerenga, ndipo imalemba ndendende pamalo pamene panali zizindikiro zomwe mukuzifuna. Musayendetsenso `chkdsk /f`. Ntchito ya `chkdsk` ndi kusalaza dongosolo la mafayilo kuti lioneke lolongosoka, ndipo ikapeza zimene sikuzimvetsa imazidula n'kuzitaya. Kwa munthu wofuna kupulumutsa mafayilo, chimenecho n'chosemphana ndi cholinga.

Ngati disiki yovutayo ndi yomweyo imene Windows ikuyendapo, zimitsani kompyuta. Windows imalemba pa disiki yake mosalekeza ngakhale inu mutangokhala osagwira mbewa. Yatsani kompyutayo ndi fulashi ya Linux, kapena chotsani disikiyo muilumikize ku kompyuta ina. Mapulogalamu opulumutsira mafayilo muwaike pa fulashi kapena disiki ina, osati pa yodwalayo.

Ndingadziwe bwanji kuti vuto ndi tebulo osati disiki yeniyeniyo kufa?

Yambani ndi mbiri yake. Ngati zigawo zinasowa mutangochita kanthu kena, monga kuika Windows kapena kugwiritsa ntchito `diskpart`, vuto ndi tebulo. Ngati zinasowa zokha, makamaka disiki itagwa pansi kapena itayamba kuchedwa kwa masiku angapo, kayikirani disikiyo.

Kenako onani kukula kumene ikuonetsa. Disiki ya 1 TB imaoneka ngati 931.51 GB mu `Disk Management`. Ikamaonetsa 0, kapena kukula kwachilendo kochepa kwambiri, kapena ikamabwera n'kumasowa, imeneyo si nkhani ya tebulo. Mvetseraninso. Disiki yozungulira imene ikugogoda mobwerezabwereza kapena kulira ngati ikukanika kuzungulira muizimitse nthawi yomweyo n'kupita nayo kwa akatswiri otsegula madisiki, chifukwa kuiyatsa kulikonse kukhoza kukanda mbale zamkati.

Ikakhala chete ndipo kukula kuli bwino, yang'anani thanzi lake ndi CrystalDiskInfo pa Windows kapena `smartctl -a /dev/sdb` pa Linux. Mizere iwiri yofunika ndi `Reallocated Sectors Count` ndi `Current Pending Sector Count`. Nambala yeniyeni ya mzere wachiwiriwu ikaposa 0, ndiye kuti pali masekita amene disiki ikulephera kuwerenga, ndipo mwina imodzi mwa iwo ndi imene munali tebulo.

Kodi ndikufunikadi kukopera disiki yonse ndisanayambe? Ndilibe disiki ina yaikulu choncho.

Ngati disiki ikuonetsa zizindikiro za kudwala, inde, palibe kuchitira mwina. Kufufuza zigawo kumawerenga disiki kuchokera koyamba mpaka kumapeto, ndipo disiki yofooka ikhoza kukhala ndi mphamvu ya ulendo umodzi wokha. Ulendo umenewo ukhale wokopera. Pulogalamu yoyenera ndi GNU ddrescue, imene pa Ubuntu ndi Debian imaikidwa ndi dzina loti `gddrescue`:

```
sudo ddrescue -d /dev/sdb chimbale.img chimbale.map
```

Imayamba ndi malo osavuta kuwerenga, ovutawo n'kuwabwerera pambuyo. Fayilo ya `chimbale.map` imasunga pamene ntchito yafika, choncho magetsi akathima mumangoyendetsanso lamulo lomwelo ndipo imapitiriza pomwe inalekera. Musanadine Enter, yendetsani `lsblk` mutsimikize kuti `sdb` ndi disiki yodwalayo. Kope la disiki ya 1 TB limafuna malo opitirira pang'ono 1 TB, choncho disiki yolandira ikhale yokulirapo.

Ngati disiki ili yathanzi ndipo munangofufuta tebulo molakwitsa, mungathe kufufuza pa disiki yeniyeniyo, chifukwa kufufuza kumangowerenga. Komabe ine ndingabwereke disiki kwa mnzanga ngati mafayilowo ndi oti sangapezekenso kwina. Ubwino wa kope ndi woti mukalemba tebulo lolakwika mumakhala ndi pobwerera.

Kodi TestDisk imagwira ntchito bwanji? Ndionetseni ndi chitsanzo.

TestDisk ndi pulogalamu yaulere yolembedwa ndi Christophe Grenier, ndipo imayenda pa Windows, Linux ndi macOS. Maonekedwe ake ndi a zilembo zokhazokha pa bolodi lakuda, zomwe zimaopsa anthu ena pachabe. Pa Windows simuiika n'komwe: mumangomasula fayilo ya zipi n'kuyendetsa `testdisk_win.exe` ngati woyang'anira kompyuta. Pa Linux mumalemba `sudo testdisk`, kapena `sudo testdisk chimbale.img` ngati mukugwira pa kope.

Tiyerekeze disiki yakunja ya 1 TB, ya masekita 1953525168, yamtundu wa MBR. Inali ndi zigawo ziwiri za NTFS: Ntchito, cha 400 GB, ndi Zithunzi, chotenga malo otsala. Mwini wake ankafuna kuyeretsa fulashi, koma mu `diskpart` analemba `select disk 1` m'malo mwa `select disk 2`, kenako `clean`. Lamuloli silifunsa ngati mukutsimikiza. Mu kamphindi kochepa disiki yonse inasanduka Unallocated. Mwayi wake analekera pomwepo, osapitiriza ndi `create partition` ndi `format`.

Atatsegula TestDisk, asankhe `Create` kuti isunge zolemba za ntchito yake, asankhe disikiyo poyang'ana kukula kwake, kenako `Proceed`. Funso lotsatira ndi la mtundu wa tebulo. `Intel` akutanthauza MBR, ndipo `EFI GPT` ndi GPT, mtundu watsopano wa tebulo. Pano yankho ndi `Intel`. Asasankhe `None`, imene ndi ya madisiki amene analibe tebulo chiyambire. Kenako `Analyse`, ndipo mndandanda wa zigawo zomwe zilipo udzakhala wopanda kanthu, monga tikuyembekezera. Adine `Quick Search`.

Apa TestDisk imayang'ana malo amene zigawo zimakonda kuyambira, kufunafuna masekita oyambira aja. Pa disiki yathuyi idzaonetsa zonga izi:

```
* HPFS - NTFS      0  32 33  52216 203 19   838860800 [Ntchito]
P HPFS - NTFS  52216 203 20 121601  57 56  1114660864 [Zithunzi]
```

Manambala atatuatatu ali pakatiwo ndi kawerengedwe kakale ka malo a pa disiki. Oyamba atatu ndi poyambira, otsatira atatu ndi pothera, ndipo nambala yaitali ndi kuchuluka kwa masekita. `0 32 33` ndi sekita 2048, pamene Windows yakhala ikuyambitsira chigawo choyamba kuyambira pa Vista. Windows XP inkayambitsira pa sekita 63, choncho disiki yakale kwambiri idzaonetsa `0 1 1`. Onani kuti chigawo choyamba chikuthera pa `203 19` ndipo chachiwiri chikuyambira pa `203 20`, popanda mpata, popanda kusanjikizana. Masekita 838860800 kuchulukitsa ndi 512 akukwana 400 GB momwe Windows imawerengera. Maina nawonso ndi omwe mwini wake akuwadziwa.

Zonsezi n'zolimbikitsa, koma umboni weniweni ndi mafayilo. Aike mzere woyamba pansi pa cholozera n'kudina `P`. TestDisk idzaonetsa mafoda a m'chigawocho. Alowe m'mafoda awiri kapena atatu akuya, aone ngati maina ndi masiku akumveka, ndipo afufuze fayilo imene akudziwa kuti anaisunga posachedwa. Atuluke ndi `q` n'kuchita chimodzimodzi pa chigawo chachiwiri. Ali momwemo, angathe kukopera zofunika kwambiri ku disiki ina asanalembe kalikonse: `c` yaing'ono imakopera fayilo kapena foda imene cholozera chili, pomwe `a` imasankha zonse ndipo `C` yaikulu imakopera zosankhidwazo.

Chilembo cha kumayambiriro kwa mzere chimasinthidwa ndi mivi ya kumanzere ndi kumanja. `P` ndi chigawo wamba, `*` ndi chigawo choyatsira kompyuta, `L` ndi chigawo cha mkati mwa chigawo chokulitsa, ndipo `D` ndi chofufutidwa, chimene sichidzalembedwa m'tebulo. Pa disiki yosungira zinthu chabe, onse awiri akhoza kukhala `P`. Akaona `Structure: Ok.` adine Enter, asankhe `Write`, avomere ndi `Y`. Ndi pano pokha pamene TestDisk ikulemba pa disiki. Atulutse disikiyo n'kuilumikizanso, kapena ayatsenso kompyuta, ndipo zigawo ziwiri zija zidzaoneka. Ngati Windows sinazipatse zilembo, azipatse mu `Disk Management` ndi `Change Drive Letter and Paths`.

TestDisk yandipezera zigawo zambirimbiri, zina zosanjikizana. Ndisankhe chiti?

Izi zimachitika kawirikawiri mukagwiritsa ntchito `Deeper Search`, imene imapenda disiki yonse ndipo pa disiki yaikulu ya USB imatenga maola. Disiki imene yagawidwapo kangapo pa moyo wake imakhala ndi zotsalira za zigawo zakale. Komanso ngati munasungapo mafayilo a makompyuta oyerekezera, monga a VirtualBox, mkati mwake muli masekita oyambira amene TestDisk ikhoza kuwaona ngati zigawo zenizeni. Zosanjikizana zonse imaziika `D` kuti musankhe nokha.

Njira yake ndi yomwe ija ya `P`. Chigawo chimene chikuyankha kuti `Can't open filesystem. Filesystem seems damaged.` chisiyeni kaye. Chimene chikuonetsa mafoda a zaka zisanu zapitazo koma osaonetsa a mwezi watha ndi chakale, chisiyeninso. Mukhozanso kuona mizere iwiri ya dzina limodzi ndi kukula kumodzi koma poyambira posiyana. NTFS imasunga kope la sekita yake yoyambira m'sekita yomaliza ya chigawo, ndipo TestDisk ikapeza kopelo imatha kulitanthauzira m'njira ziwiri. Umodzi wokha mwa mizereyo ndi umene udzatsegule mafayilo.

Lembani papepala poyambira ndi pothera pa mizere imene mwasankha. Iyenera kutsatizana bwino kuchokera kumayambiriro kwa disiki mpaka kumapeto. Ngati chigawo chimodzi mukuchikayikira, musalembe tebulo n'komwe. Koperani mafayilo kudzera mu `P`, mufomate disikiyo mwatsopano mukamaliza, ndipo mubwezeremo zinthu. N'kochedwa, koma simutaya kanthu.

Chigawo chabwerera koma Windows ikuti ndi RAW.

Ndiye kuti tebulo lili bwino, koma sekita yoyambira ya chigawocho yaonongeka. Mu TestDisk pitani ku `Advanced`, sankhani chigawocho, kenako `Boot`. Idzakuonetsani mmene sekita yoyambira ilili ndi mmene kope lake lilili. Ngati yoyamba ili `Bad` ndipo kope lili `OK`, sankhani `Backup BS` kuti kope lilembedwe pamalo pa yoonongekayo. Samalani ndi `Org. BS`, imene imachita zosiyana: imalemba yoyambayo pamwamba pa kope, ndipo mutaya yabwino yomwe munali nayo. Zonse zikakhala zoonongeka, `Rebuild BS` imafufuza mndandanda wa mafayilo n'kupanga sekita yatsopano, ndipo imakulolani kuona mafayilo ndi `List` musanalembe.

FAT32 imasunga kope lake pa sekita 6 ya chigawo, exFAT pa sekita 12, pafupi kwambiri ndi choyambiriracho, kotero ngozi imodzi imatha kutenga zonse ziwiri.

Yanga ndi GPT. Ndamva kuti imakhala ndi tebulo lachiwiri.

N'zoona, ndipo ngati tebulo langoonongeka osati kufufutidwa dala, iyi ndi njira yachidule kuposa zonse. GPT imaika mutu wake pa sekita 1 ndi mndandanda wa zigawo pa masekita 2 mpaka 33, malo okwanira zigawo 128. Kope la zonsezi limakhala kumapeto kwenikweni kwa disiki. Mutuwo uli ndi nambala yotsimikizira, choncho pulogalamu imadziwa kuti tebulo loonongeka ndi liti.

Pa Linux yendetsani `sudo gdisk /dev/sdb`. Ikachenjeza kuti mutu woyamba ndi woonongeka koma wakumapeto uli bwino, dinani `r` kulowa m'gawo lokonzera. Mmenemo `b` imamanganso mutu pogwiritsa ntchito wakumapeto, ndipo `c` imatenga mndandanda wa zigawo wakumapeto. Onani zotsatira ndi `p`, yesani ndi `v`, ndipo mulembe ndi `w` pokhapokha mndandandawo ukufanana ndi umene mukuudziwa. Ukakhala wachilendo, `q` imatuluka osasintha kanthu.

Malire ake ndi awa: mukafufuta chigawo ndi pulogalamu yogawira madisiki, pulogalamuyo imasintha matebulo onse awiri nthawi imodzi. `clean` nayonso siisiya lakumapeto. Zikatero mwabwerera ku TestDisk, n'kusankha `EFI GPT`.

Ndinkapanga fulashi yoikira Windows, ndipo ndinasankha disiki yanga yakunja. Pano ikuonetsa ESD-USB ya 32 GB basi.

Iyi ndi ngozi yolemera kuposa ya `clean`, ndipo ndi bwino kudziwiratu chifukwa chake. Media Creation Tool, pulogalamu ya Microsoft yopangira fulashiyo, imafufuta tebulo, imapanga chigawo cha FAT32 cha 32 GB kumayambiriro kwa disiki, kenako imalembamo mafayilo oikira Windows a magigabaiti angapo. Malo otsala amakhala Unallocated ndipo sakhudzidwa. Chotero pa disiki ya 1 TB, mbali yaikulu kwambiri ya mafayilo anu ikadalipo.

Vuto ndi malo amene alembedwawo. NTFS imasunga maina, mafoda ndi malo a mafayilo onse m'mndandanda umodzi wotchedwa MFT, ndipo pa chigawo chachikulu chofomatidwa ndi Windows mndandandawu umayambira pa 3 GB kuchokera kumayambiriro kwa chigawo. Mafayilo oikira Windows 10 kapena 11 amapitirira 3 GB, choncho nthawi zambiri amapondereza chiyambi cha MFT. Kakope kake kotchedwa `$MFTMirr` kamangosunga mizere yoyambirira yowerengeka, ndipo pa Windows za masiku ano kamakhala kumayambiriro kwenikweni, komwe kwalembedwanso.

Zotsatira zake, `Deeper Search` ikhoza kupeza chigawo chakalecho kudzera m'kope la sekita yoyambira lomwe lili kumapeto, koma `P` idzakana kutsegula mafayilo. Musalembe tebulo pamenepa, silingathandize. Ngati disiki inali ndi chigawo chachiwiri choyambira kutali, monga Zithunzi m'chitsanzo chija, chimenecho chimabwerera chathunthu mwa njira yanthawi zonse.

Pa chigawo choyambacho pali njira ziwiri. MFT ikakula imamwazikana m'zidutswa pa disiki, ndipo mapulogalamu monga DMDE ndi R-Studio amafufuza zidutswa zopulumuka n'kumanganso mafoda amene angathe, ndi maina ake. Onsewa amakulolani kuona zimene apeza musanalipire. Njira yachiwiri ndi PhotoRec, imene imabwera limodzi ndi TestDisk. Iyo siisamala za mndandanda uliwonse. Imawerenga masekita n'kuzindikira mafayilo ndi mmene amayambira: JPEG ili ndi chiyambi chake, PDF ili ndi chake. Idzakupatsani mafayilo masauzande a maina onga `f1234567.jpg` m'mafoda a `recup_dir.1`, `recup_dir.2`, popanda maina enieni kapena mafoda anu. Zithunzi zimabwerera bwino ndipo zambiri zimasunga tsiku lojambulidwa mkati mwake, zomwe zimathandiza pozisanja. Mafayilo aakulu amene anali omwazikana, monga makanema, ena amatuluka oduka. Yambani ndi njira yoyamba, PhotoRec ikhale yotolera zotsala, ndipo zonse zopulumutsidwa zipite ku disiki ina.

Nanga ngati ndinafomata chigawo chatsopanocho? Ndipo SSD imasiyana?

Fomati yachangu, ya `Quick Format`, imalemba sekita yoyambira yatsopano ndi MFT yatsopano yaing'ono. Ngati chigawo chatsopano chinayambira pomwe panayambira chakale, chiyambi cha MFT yakale chapita, koma mizere yake yambiri yotsatira ikadalipo, ndipo mapulogalamu ofufuza zidutswa aja amachita bwino pamenepa. Fomati yathunthu ndi nkhani ina. Kuyambira pa Windows Vista imalemba maziro pa chigawo chonse, ndipo `clean all` imachita zomwezo pa disiki yonse. Zikamaliza, palibe chobweza. Ngati munaziimitsa pakati, zomwe zili kutsogolo kwa pamene zinalekera zikadalipo.

SSD ili ndi vuto lakelake lotchedwa TRIM. Kompyuta imauza SSD kuti masekita akutiakuti sakufunikanso, ndipo SSD imawayeretsa yokha mkati. Kufomata pa Windows, ngakhale kwachangu, kumatumiza uthenga umenewu, ndipo `mkfs.ext4` pa Linux imachitanso chimodzimodzi. Pambuyo pake masekitawo amangowerengeka ngati maziro. Tebulo longoonongeka lokha pa SSD limakonzeka monga pa disiki ina iliyonse, koma SSD yofomatidwa mwayi wake ndi wochepa kwambiri.

Ndili pa Linux, ndangolemba tebulo lolakwika ndi fdisk, koma kompyuta ikuyendabe.

Musaizimitse! Uku n'kusiyana ndi langizo la poyamba lija, ndipo chifukwa chake n'chakuti ngati zigawo zinali zikugwiritsidwa ntchito, Linux ikukumbukirabe tebulo lakale. Manambala awiri aja mukhoza kuwawerenga:

```
grep . /sys/block/sda/sda*/start
grep . /sys/block/sda/sda*/size
```

Onse ali m'masekita a mabaiti 512. Alembeni papepala kapena muwajambule ndi foni. Kenako pangani zigawozo mu `fdisk` ndi poyambira pomwepo. Sekita yomaliza ndi poyambira kuphatikiza kukula, kuchotsa 1: pa chigawo cha Ntchito chija, 2048 kuphatikiza 838860800 kuchotsa 1 ndi 838862847. `fdisk` ikafunsa kuti `Do you want to remove the signature?` yankhani `N`. Funso limeneli ndi nkhani yabwino, chifukwa likusonyeza kuti mwagwera ndendende pa chiyambi cha chigawo chakale. Kumbukirani kubwezera mtundu wa chigawo chilichonse ndi `t`. Pa GPT zigawo zatsopano zimalandira `PARTUUID` yatsopano, choncho ngati `/etc/fstab` imagwiritsa ntchito imeneyo, ikonzeni musanayatsenso kompyuta.

Ngati mwayatsa kale kompyuta ndipo mukungoganizira poyambira, mukhoza kuyesa ganizo lanu osalemba tebulo. Sekita 2048 kuchulukitsa ndi 512 ndi 1048576:

```
sudo mount -o ro,loop,offset=1048576 chimbale.img /mnt
```

Mafayilo akaoneka mu `/mnt`, poyambira ndi pomwepo.

Ndinachotsa disiki m'bokosi lake la USB n'kuilumikiza mkati mwa kompyuta, ndipo zigawo zasowa.

Mwina palibe chaonongeka. Mabokosi ena a USB, makamaka a madisiki opitirira 2 TB, amaonetsa disiki ngati ya masekita a mabaiti 4096, kuti MBR ikwanitse kukula kwake. Disiki yomweyo ikalumikizidwa mwachindunji imaoneka ndi masekita a 512, ndipo manambala onse a m'tebulo amaloza malo olakwika. Chigawo chimene tebulo likuti chikuyambira pa 256 chili pa 2048 m'kawerengedwe katsopanoka, chifukwa sekita imodzi ya 4096 ndi masekita 8 a 512. Ibwezereni m'bokosi lake, kapena lina lofanana nalo, n'kukopera mafayilo. Mabokosi ena amabisanso zonse zolembedwa ndi kiyi, ndipo popanda bokosilo disiki imaoneka ngati yodzaza zopanda tanthauzo, moti TestDisk siipeza kanthu.

Kodi tebulo lingasungidwe pasadakhale?

Inde, ndipo kafayilo kake n'kakang'ono kokwana pa imelo. `sfdisk` imagwira pa MBR ndi GPT yomwe:

```
sudo sfdisk -d /dev/sdb > tebulo.txt
sudo sfdisk /dev/sdb < tebulo.txt
```

Mzere woyamba ndi wosunga, wachiwiri ndi wobwezera. Kafayiloko ndi mawu wamba owerengeka, osonyeza `start`, `size` ndi `type` za chigawo chilichonse. Kasungeni kunja kwa disikiyo, ndipo mukatengenso katsopano nthawi iliyonse mwasintha kukula kwa chigawo, chifukwa kubwezera tebulo lakale pa zigawo zomwe zinasuntha kumaloza malo olakwika. Musanayendetse mzere wachiwiri, onani ndi `lsblk -o NAME,SIZE,MODEL,SERIAL` kuti disiki imene lero ikutchedwa `sdb` ndi yomweyo imene munatengako tebulolo, popeza maina amenewa amasinthana malinga ndi disiki imene yalumikizidwa koyamba.